Kusaka ntchito m'magulu a pa WhatsApp popanda kutopetsa eni gulu

Ndine adimini wa magulu awiri a pa WhatsApp kuno ku Lilongwe. Loyamba ndi la anthu a m'dera lathu, momwe timauzana madzi akasiya, akuba akavuta, kapena kukagwa zovuta. Lachiwiri ndi la amisiri: omanga, a mapaipi, a magetsi, owotcherera, ndi makontilakitala ang'onoang'ono angapo. M'magulu awiri onsewa ndachotsamo anthu ofuna ntchito, ndipo wina amene ndinatsala pang'ono kumuchotsa ndi mphwanga weniweni, mwana wa mlongo wanga.

Mnyamatayu anaphunzira zamagetsi ku sukulu ya ntchito zamanja, ndipo atamaliza anabwera kudzakhala kwathu. Ndinamulowetsa m'gulu la amisiri lija Lachisanu madzulo. Cha m'ma 11 koloko usiku womwewo analemba kuti, "Moni nonse mabwana, ndikufuna ntchito iliyonse, chonde ndithandizeni." Pansi pake anaponya zithunzi zinayi za masatifiketi, china chojambulidwa chozondoka. M'mawa anabwerezanso zomwezo. Pofika Lamulungu anali atatola manambala a anthu oposa 30 m'gulumo n'kulembera aliyense payekha kuti "Moni bwana", basi. Lolemba kapitawo wina wachikulire anandiimbira foni. "Achimwene, mwana mwatibweretserayu ndi wandani? Akutilembera usiku ngati tili naye ngongole."

Zimene ndinamuuza titakhala pakhonde tsiku limenelo, ndi zimene anachita m'miyezi iwiri yotsatira, ndi zimene ndalemba pano. Mutu wake ndi umodzi. Gulu silipatsa munthu ntchito. Amapereka ntchito ndi munthu mmodzi wa m'gulumo, amene wakuonani kwa kanthawi ndipo wafika poti akhoza kutchula dzina lanu kwa mnzake osaopa kuti mumuchititsa manyazi. Zonse zimene mungachite m'gulu zikhale zomuthandiza munthu ameneyo kuti afike pamenepo.

Yambani ndi foni yanu, musanalowe gulu lililonse

Anthu a m'gulu amene alibe nambala yanu amaona dzina limene munadzilembera nokha pa WhatsApp. Dzina la mphwanga linali la kumpira, lokhala ndi timoto tiwiri kumapeto. Kontilakitala wofuna munthu womusiya yekha m'nyumba ya kasitomala sangatenge timoto. Pitani ku Settings, dinani pa dzina lanu, mulembe dzina lenileni ndi ntchito yanu. Pa About lembani dera limene mumapezeka ndi zimene mumagwira, mwachidule: kuyala waya m'nyumba, kuika sola, Area 25 ndi madera oyandikana nawo. Chithunzi chikhale cha nkhope yanu, muli nokha. Kenako onani ku Privacy ngati Profile photo ili pa Everyone. Ambiri amaisiya pa My contacts, ndiye amene akufuna kukulembani ntchito amangoona kamutu kotuwa kopanda nkhope, kofanana ndi ka anthu akuba pa foni.

Mukadali komweko yatsani Two-step verification ku Account, chifukwa chake ndinena kutsogoloku. Ndipo ku Storage and data zimitsani Media auto-download, apo ayi bandulo ya mlungu wonse idzathera pa mavidiyo a ukwati wa anthu osawadziwa.

Gulu loti mulowe ndi liti?

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Munthu wofuna ntchito amathamangira magulu amene dzina lake lili ndi mawu oti ntchito. Gulu limodzi la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu mpaka 1,024, ndipo magulu amenewa amadzazadi. Koma dzifunseni kuti anthu onsewo ndi ndani. Ndi anzanu ofuna ntchito. Mukaponya sivi yanu mmenemo muli ngati wogulitsa tomato amene akutsatsa kwa ogulitsa tomato anzake pa msika wa Wakawaka. Magulu otere ali ndi phindu limodzi: ena amatolera zotsatsa ntchito za m'nyuzipepala ndi za pa intaneti n'kuziika pamodzi. Lowani limodzi, makamaka limene adimini yekha ndiye amalemba, muziwerenga. Musayembekeze kudziwana ndi munthu kumeneko.

Magulu opindulitsa ndi a mitundu iwiri. Wina ndi wa anthu a ntchito yanu amene ali kale pantchito: amisiri anzanu, amene munaphunzira nawo ndi amene anamaliza patsogolo panu, aphunzitsi anu akale. Amenewa ntchito ikawachulukira amafuna wowathandiza, ndipo amamva za malo otseguka asanalengezedwe. Mtundu wina ndi wa anthu amene amafuna ntchito yanuyo koma sadziwa kuigwira: gulu la m'dera, la kumpingo kapena kumzikiti, la makolo a pasukulu, la anthu ochokera boma limodzi. M'magulu amenewa mumatuluka funso loti "ndani akudziwa wamagetsi wokhulupirika?" pafupipafupi. Pa Facebook palinso magulu a m'mizinda momwe mafunso otere amafunsidwa, ndipo kwa a ntchito za muofesi LinkedIn imathandiza, koma nkhani ikafika pokambirana zenizeni imathera pa WhatsApp pomwe.

Magulu anayi kapena asanu akwana. Kupitirira apo simuwerenganso, mumangotsegula kuti manambala obiriwira aja achoke.

Kalowedwe kake nakonso n'kofunika. Linki yoyamba ndi chat.whatsapp.com imene mwaitola pa Facebook aliyense akhoza kuitola, ndipo gulu lolowa aliyense limakhala la aliyense: ogulitsa mankhwala okulitsa ziwalo, a mipikisano yabodza, a ngongole za katapila. Gulu labwino nthawi zambiri mumalowetsedwa ndi munthu, kapena mukadina linki mumadikira adimini kuti akuvomereni. Choncho funsani munthu amene mumadziwana naye: "Kodi muli m'gulu lililonse la amisiri? Mungandipemphere kwa adimini?" Mukalowa chotero mwalowa ndi dzina la munthu. N'chifukwa chake kapitawo uja anaimbira ine, osati mphwanga. Dziwani kuti chilichonse mungachite mmenemo chikugwera amene anakulowetsani.

Mlungu woyamba musalembe kanthu

Mukalowa gulu nthawi zambiri simuona zimene zinakambidwa musanabwere. Mwafika pabwalo nkhani ili pakati, simukudziwa amene ali mfumu, amene ali nduna, kapena amene anakangana dzulo. Kwa eni kulibe mkuwe. Dinani pa dzina la gulu, muwerenge malamulo amene ali pa Group info, muone ma adimini ndi ndani. M'gulu lathu la amisiri lamulo lachitatu limanena kuti zotsatsa ndi Loweruka lokha. Mphwanga sanaliwerenge, ndipo linali pamenepo nthawi yonseyi.

Kenako kwa masiku asanu ndi awiri muziwerenga ndi kope pambali. Ndikunenadi kope la pepala. Lembani mayina a amene amafunsa amisiri kawirikawiri, chifukwa ndiwo ali ndi ntchito. Lembani amene akayankha anthu onse amakhala chete, chifukwa ndiwo mawu awo amalemera. Lembani mafunso amene amafunsidwa koma osayankhidwa bwino, chifukwa mpata wanu uli pamenepo. Onaninso nthawi imene gulu limadzuka. Lathu limayamba phokoso cha m'ma 6 m'mawa anthu asanapite ku saiti, limagona masana, n'kudzukanso cha m'ma 7 madzulo. Uthenga wolembedwa 11 koloko usiku umadzutsa anthu, ndipo pofika m'mawa wakwiriridwa.

Mlungu ukatha lemberani adimini payekha. Musamupemphe ntchito. Mufunseni ngati n'kololedwa kudzidziwitsa m'gulu, ndipo tsiku liti. Ife ma adimini timakonda kufunsidwa, ndivomere. Munthu amene wandifunsa ndimamukumbukira, ndipo kangapo ndakhala ndikulemba ndekha kuti "tilandire m'bale uyu, ndi wa mapaipi", zomwe zimalemera kuposa iye kudzinenera.

Kudzidziwitsa kamodzi kokha

Mphwanga anayamba ndi kupepesa, poti anali atalakwa kale. Uthenga umene tinalemba limodzi unali wotere:

"Mwaswera bwanji akuluakulu. Pepani chifukwa cha mauthenga amene ndinakutumizirani mlungu watha, sindinawerenge malamulo. Ndine wamagetsi, ndinamaliza maphunziro chaka chatha, ndikukhala ku Area 25. Ndayalapo waya m'nyumba zitatu pansi pa mmisiri wina, ndipo ndimaika sola zing'onozing'ono za m'nyumba. Ngati wina angafune womuthandiza pa saiti, ngakhale kwa tsiku limodzi, ndilipo. Zikomo."

Taonani zimene mulibe mmenemo. Mulibe mawu oti "ntchito iliyonse". Munthu amene akuti iliyonse palibe amene amadziwa pomuika, ndipo amamveka ngati sadziwa kalikonse. Mulibe satifiketi ngakhale imodzi, chifukwa imeneyo imatumizidwa kwa amene waipempha. Mulibe nkhani ya mavuto a kunyumba. Mavutowo alipo ndithu, koma anthu 200 akawerenga za lendi yanu amakumverani chisoni n'kupitirira, ndipo wachisoni amakupatsani ya minibasi, osati makiyi a nyumba yake. Muli zinthu zinayi zokha: ndinu ndani, mumatha chiyani chenicheni, muli kuti, mukufuna chiyani. Ndipo ananena zoona kuti nyumba zitatu zija anagwira pansi pa munthu wina. Amisiri amadziwana, bodza la m'gulu silitha mlungu.

Uthenga umenewu umatumizidwa kamodzi. Anayankha anthu awiri okha, wina ndi chala cham'mwamba, wina ndi "takulandira mwana". Mphwanga anakhumudwa. Ndinamuuza kuti ntchito ya uthengawo si kubweretsa ganyu, koma kuti tsiku limene adzayankhe funso anthu adzadziwe kuti akuyankhayo ndani.

Pamene ntchito yeniyeni ili: kuyankha mafunso

Patapita milungu iwiri, mvula yoyamba itagwa, mayi wina m'gulu la m'dera lathu analemba cha m'ma 7 madzulo kuti magetsi m'nyumba mwawo akungothima. Akakweza swichi yaikulu ija imagwanso nthawi yomweyo, pomwe kwa aneba akuyaka ndipo mayunitsi alimo. M'mphindi zochepa anthu atatu anali ataponya manambala awo. Wina anangoti "inibokosi mayi". Wina anati aimbire a ESCOM, chonsecho vuto linali la mkati mwa nyumba, lomwe ndi la mwini nyumba.

Mphwanga anabwera kukhitchini ndi foni. "Amalume, ndiponye nambala?" Ndinamufunsa ngati akudziwa chimene chavuta. Anati akuganiza kuti akudziwa. Ndinati ndiye lemba chimenecho. Analemba chonchi, atakanikiza uthenga wa mayiwo n'kusankha Reply kuti yankho lake lilumikizane ndi funso:

"Mayi, yesani izi ngati pamene pali bokosi la mabuleka ndi pouma, manja anunso akhale ouma. Tsitsani mabuleka ang'onoang'ono onse, kenako kwezani yaikulu ija. Ikakhazikika, kwezani ang'onoang'ono aja imodziimodzi. Imene mukaikweza yaikulu n'kugwa, vuto lili kumeneko. Isiyeni yotsitsa, zinazo muyatse, mugone ndi magetsi. Poti mvula yagwa, kawirikawiri imakhala nyali ya panja kapena soketi ya panja imene yalowa madzi. Musatsegule bokosilo kapena kugwira waya, zimenezo achite mmisiri kukacha."

Patapita mphindi khumi mayiwo analemba kuti magetsi ayaka, buleka yovuta ndi ya nyali za panja. Anathokoza pagulu, anthu onse akuona. M'mawa anamulembera okha mphwanga kuti abwere adzakonze. Anapeza nyali ya kuseri kwa nyumba galasi lake litang'aluka, madzi atadzaza mkati. Inali ntchito ya ola limodzi, ndalama yake yochepa.

Mwina mukuti anapereka nzeru zaulere, akanangopita n'kukalipiritsa usiku womwewo. Taganizani bwino. Atatu aja amene anaponya manambala anapempha mayiwo kuti awakhulupirire popanda chifukwa. Mphwanga anaonetsa, pamaso pa anthu oposa 200, kuti amadziwa ntchito, kuti saopseza kasitomala kuti amudyere, komanso kuti amadziwa pamene munthu wamba ayenera kulekezera. Palibe chotsatsa chimene chikananena zinthu zitatu zimenezo anthu n'kukhulupirira.

Izi sizili kwa amagetsi okha. Wowerengera ndalama akhoza kufotokozera wagolosale kalembedwe ka zolowa ndi zotuluka. Dalaivala akhoza kunena mmene msewu wa ku Salima ulili mlungu uno. Telala akhoza kuuza mayi mamita a nsalu amene akufunika pa diresi la mwana. Malire ake ndi awa: yankhani chokhacho chimene mukuchidziwa, ndipo musayankhe funso lililonse. Kawiri kapena katatu pa mlungu n'kokwanira. Munthu woyankha chilichonse amatopetsa chimodzimodzi ndi wotsatsa. Ndipo m'gulu la amisiri, mkulu akalakwitsa musamukonze pagulu ngati si nkhani yoika moyo pachiswe. Mulembereni payekha.

Ntchito ikatha bwino, pemphani kasitomala chinthu chimodzi. Mphwanga anawauza mayi aja kuti, "Mayi, wina akadzafunsa wamagetsi m'gulu muja, mudzanditchuleko." Mayiwo anamutchuladi kawiri mwezi womwewo. Mphwanga akafuna kujambula ntchito yake kuti aike pa Status, amayamba wapempha mwini nyumba, ndipo sajambula geti kapena katundu wa m'nyumba. Pa nkhani ya Status dziwaninso ichi: amaiona okhawo amene inu munasunga nambala yawo, iwonso anasunga yanu, ndipo imachoka pakatha maola 24. Ndiye malo abwino otsatsira tsiku ndi tsiku, chifukwa woiona wachita kufuna yekha. Mukamaliza ntchito muuzeni kasitomala asunge nambala yanu muli pomwepo.

Kulembera munthu payekha

Apa ndi pamene mphwanga anapsa poyamba paja. Kukhala gulu limodzi ndi munthu si chilolezo cholowa kuchipinda kwake. Lamulo limene ndinamupatsa ndi loti usalembere munthu payekha pokhapokha pali chimene iyeyo wanena m'gulu chimene ukuyankha. Ukatero kanikiza uthenga wake, sankha Reply privately. Uthenga wake uja umabwera pamwamba pa wako, ndipo amadziwa nthawi yomweyo kuti wachokera kuti.

Mwezi wachiwiri, kontilakitala wina m'gulu la amisiri anadandaula kuti mnyamata wake wapita kumudzi ku maliro, pomwe ali ndi nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo yoti amalize. Sanapemphe munthu, anangodandaula. Mphwanga anamulembera kuti:

"Mwadzuka bwanji bwana. Ndine mnyamata wamagetsi wa m'gulu la amisiri, amene anandilowetsa ndi amalume anga, adimini. Ndaona mwanena kuti mnyamata wanu wachokapo. Ngati mukufuna wogwirizira mpaka abwere, ndikhoza kuyamba mawa, zida zanga zazing'ono ndili nazo. Amene ndinagwira nawo ntchito komaliza avomera kuti mukhoza kuwafunsa za ine. Ngati mwapeza kale munthu, musavutike kuyankha."

Zonse zili mu uthenga umodzi. Si "Moni", kudikira, "Muli bwanji", kudikira, "Ndili ndi pempho". Munthu ali pa makwerero sangakambirane nanu mzere ndi mzere, ndipo "Moni" wochokera ku nambala yachilendo ambiri samutsegula n'komwe. Musatumize uthenga wa mawu kwa munthu amene simunalankhulanepo naye, chifukwa sangaumvere pali anthu kapena pali phokoso. Musaimbe foni musanapemphe. Ndipo mzere womaliza uja ndi wofunika: umamumasula munthu, sakuonani ngati ngongole.

Kontilakitalayo anawerenga, tizizindikiro tiwiri tija tinasanduka tabuluu, koma sanayankhe. Mphwanga anafuna kulembanso madzulo omwewo. Ndinamuletsa. Kukumbutsa ndi kamodzi, patapita masiku atatu kapena anayi, ndi mawu ochepa. Akapanda kuyankhanso ndiye wayankha, musiyeni, ndipo mukakumana m'gulu muzichita ngati palibe chinachitika. Kontilakitala uja anayankha tsiku lachitatu asanakumbutsidwe. Ndinadzamva pambuyo pake kuti masiku awiri aja ankafufuza. Anaimbira mmisiri wakale uja, anaimbiranso kapitawo yemwe uja anadandaula za mphwanga, amene anati, "Mwanayo anayamba moipa koma akumva."

Pempho la kwa munthu amene alibe ntchito yoti akupatseni, koma amadziwa anthu, limakhala lina. Musamuuze kuti "mukamva kalikonse mundiuze", chifukwa adzavomera n'kuiwala. Mufunseni chinthu chimene angayankhe lero: "Mwa makontilakitala amene mumagwira nawo, alipo amene amatenga anyamata ongoyamba kumene? Mungandilole nditchule dzina lanu powalembera?" Akavomera, mutumizireni mizere itatu yonena za inu imene iye angangoitumiza kwa mnzakeyo osasintha kanthu. Sivi ikhale PDF, dzina la fayilo likhale dzina lanu ndi ntchito yanu, osati chithunzi cha pepala lojambulidwa pa bedi.

Zimene WhatsApp imachita ndi anthu otumiza mwachisawawa

Ngakhale ma adimini atakulekererani, WhatsApp ili ndi malire ake. Uthenga umodzi mukhoza kuutumiza ndi Forward kwa anthu kapena magulu asanu okha nthawi imodzi. Umene wadutsa m'manja ambiri umalembedwa Forwarded many times, ndipo umenewo umapita kumodzi kokha nthawi imodzi. Uthenga wofunsira ntchito wokhala ndi chizindikiro cha Forwarded pamwamba umauza wowerenga kuti si iye yekha walandira, ndiye saona chifukwa choyankhira. Ena amathawira ku Broadcast, imene imatenga manambala mpaka 256, osadziwa kuti uthenga wake umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Manambala otola m'gulu mukawaika mmenemo mukulankhula nokha.

Choopsa kwambiri ndi ichi. Munthu akalandira uthenga kuchokera ku nambala imene sanaisunge, foni imamupatsa mwayi wa Block ndi Report pomwepo. Anthu ambiri akadina zimenezo pa nambala yanu m'nthawi yochepa, WhatsApp ikhoza kuitseka. Nambala imene ili pa sivi yanu, imene makasitomala akale ali nayo, imazima pa WhatsApp tsiku limodzi. Mapulogalamu osavomerezeka monga GB WhatsApp, amene anyamata amawakonda, nawonso amatseketsa nambala.

Mudziwa bwanji kuti mwayamba kutopetsa? Mukalemba m'gulu, nkhani imene inali mkati imapitirira ngati simunalembe. Adimini amaponyanso malamulo patangopita mphindi zochepa inu mutalemba, osatchula dzina. Munthu amene munamulembera chithunzi chake chasowa ndipo uthenga wanu ukukhala ndi kachizindikiro kamodzi masiku ambiri, zomwe nthawi zambiri zimatanthauza kuti wakutsekerani. Ndipo mukayang'ana m'gulu, mauthenga anu atatu omaliza onse ndi opempha. Mukaona zotere, chimene mwangotumiza kumene chichotseni ndi Delete for everyone, imene imagwira ntchito kwa masiku awiri okha, pepesani kwa adimini ndi mzere umodzi, mukhale chete milungu iwiri.

Akuba nawonso ali m'magulu momwemo

Mukangolemba pagulu kuti mukufuna ntchito, dziwani kuti ena amene awerenga ndi akuba. Mphwanga analandira uthenga tsiku lotsatira: kampani ina ikufuna amagetsi khumi, malo atsala awiri, atumize K15,000 ya fomu ndi yunifolomu pa Airtel Money isanakwane 4 koloko. Zizindikiro zonse zinali pamenepo: sanafunsidwe chimene amatha, anauzidwa kuti afulumire, ndipo ndalama inali yopita ku nambala ya munthu. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu kuti amulembe, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba. Funsani ofesi ili kuti, mupiteko ndi miyendo yanu. Funsani adimini ngati akumudziwa. Safunsa anadya phula.

Chinyengo china n'choti munthu amakuimbirani kuti akukulowetsani m'gulu la ntchito kapena mu msonkhano wa pa intaneti, ndiye mumuwerengere manambala 6 amene afika pa foni yanu. Manambala amenewo ndi kiyi ya WhatsApp yanu. Mukamupatsa amalanda akaunti n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Two-step verification ija ndi loko yachiwiri yotchinga zimenezi. Chiphaso cha unzika musachiponye pagulu, ndipo musachitumize kwa munthu amene simunatsimikize. Za ntchito za kunja muchenjere nazo koposa. Amayi ambiri a ku Malawi anakazunzika ku Oman atakopedwa ndi malonjezo a ntchito zabwino pa intaneti. Wina akati akukonzerani ulendo ndi pasipoti, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya boma lanu musanapereke kalikonse. Ndipo musanatumize chotsatsa ntchito chilichonse m'gulu, tsimikizani kaye, chifukwa wina akaberedwa kudzera pa uthenga wanu dzina loipa ndi lanu.

Mukaipeza ntchitoyo

Mphwanga anagwira ku Kanengo milungu itatu. Tsiku loyamba ndinamuuza alembere mmisiri wakale uja amene anamuchitira umboni, amuuze kuti wayamba. Tsiku lomaliza amulemberenso kuti watha bwino. Ambiri amaiwala zimenezi, munthu amene anakutchula amadzamva kwa ena kuti unalembedwa, ndipo ulendo wina satchulanso. Mphwanga analemberanso kapitawo uja, ngakhale ankamuopa.

Mnyamata wa kontilakitala uja atabwerako kumudzi, ntchito ya mphwanga inathera pomwepo, sanalembedwe yokhazikika. Koma tsopano amaitanidwa ntchito ikachuluka, ndipo akusunga ndalama yoti adzayesere chilolezo cha MERA kuti azitha kugwira payekha. Mlungu wathawu kasitomala wake wina anamufunsa za munthu wa mapaipi. Anabwera nayo nkhaniyo m'gulu la amisiri Lachiwiri m'mawa, analemba dera, ntchito yake, ndi kuti mwini nyumba avomera kuti apereke nambala kwa munthu mmodzi. Anasankha mnyamata wina wa ku Mchesi amene analowa m'gulu mwezi watha, amene mpaka pano walembamo kawiri kokha.